Usiku ndi umodzi, laputopu ndi imodzi: siyani giridi, chitani maere

Pali chizolowezi chimene chakhazikika pakati pa ophunzira ndi akatswiri ophunzitsa makompyuta kulosera zinthu, ndipo chikuwadyera nthawi popanda phindu. Munthu akamanga modelo yake, nkufika poti asankhe mahaipaparamita, dzanja limathamangira ku `GridSearchCV` osaganiza kawiri. Amalemba milingo itatu ya ichi, itatu ya icho, nkusiya kompyuta ikulira mpaka mbandakucha. Oyang'anira kafukufuku nawo amagwedezera mutu, poti tebulo la giridi limaoneka laudongo mu lipoti, ngati munthu sanasiye mwala wosatembenuza. Ine ndikuti ngati mahaipaparamita anu aposa awiri ndipo nthawi yanu ili ndi malire, giridi ndi njira yowononga. Kusankha milingo mwa maere kumapambana, ndipo chifukwa chake ndi masamu oti mwana wa Fomu 4 angawatsate.

Kwa amene sali mu ntchitoyi, tiyambe ndi tanthauzo. Modelo imaphunzira yokha zinthu zambiri kuchokera mu deta, koma pali zina zimene munthu ayenera kuikiratu kuphunzira kusanayambe, monga liwiro la kuphunzira, kuya kwa mitengo ya ziganizo, ndi mphamvu ya chilango choletsa modelo kuloweza deta pamtima. Amenewa ndiwo mahaipaparamita. Palibe njira yowawerengera papepala, umachita kuyesa. Kusaka kwa giridi ndi kulemba milingo ingapo ya haipaparamita iliyonse, kenako nkuyesa misakanizo yonse yotheka. Kusaka kwa maere ndi kungoika malire, apa poyambira apa pothera, nkuilola kompyuta kutola mlingo uliwonse pakati pake, ulendo uliwonse watsopano.

Tiyerekeze wophunzira amene akumanga modelo ya XGBoost yolosera zokolola za chimanga kuchokera ku deta ya mvula, feteleza ndi mtundu wa nthaka. Ali ndi laputopu imodzi ndi usiku umodzi wa maola 10. Kuphunzitsa modelo kamodzi kumatenga pafupifupi mphindi 2. Poti sangakhulupirire zotsatira za ulendo umodzi, amagawa deta m'magawo 5, naphunzitsa kasanu, ulendo uliwonse akuyesera pa gawo lina. Choncho msakanizo umodzi umadya mphindi 10, ndipo usiku wonse ukwana misakanizo 60. Ndalama zake zonse ndi zimenezo.

Akufuna kusaka mahaipaparamita asanu: `learning_rate`, `max_depth`, `min_child_weight`, `reg_lambda` ndi `subsample`. Akapatsa iliyonse milingo itatu, misakanizo ikhala 3 kuchulukitsa kasanu, ndiyo 243. Pa mphindi 10 uliwonse, ndi maola 40 ndi theka. Akati awonjezere mlingo umodzi wokha pa iliyonse, misakanizo ilumphira pa 1,024, yomwe ndi sabata yathunthu kompyuta isanapumeko. Kuti giridi ikwane mu usiku wake, ayenera kutsika kufika pa milingo iwiri iwiri, misakanizo 32. Ndiye kuti usiku wonse liwiro la kuphunzira waliyesa pa nambala ziwiri zokha.

Anthu ambiri amaimira pa kuchuluka kwa misakanizoku, nkumati vuto la giridi ndi kudula. Vuto lenileni lili pena. Ngakhale wophunzirayo atapeza maola 40 nkumaliza misakanizo yonse 243, liwiro la kuphunzira akhala ataliyesa pa milingo itatu basi, uliwonse maulendo 81. Mahaipaparamita safanana mphamvu. Kawirikawiri awiri kapena atatu ndiwo amasuntha zotsatira, enawo ungawatembenuze chotani kusintha kwake nkochepa. Giridi sidziwa zimenezi. Ili ngati mayi wofuna kudziwa mchere woyenera m'ndiwo amene waphika miphika 243, koma mchere waika miyezo itatu yokha, miphika yonseyo akungosintha mtundu wa chivindikiro. Kusaka kwa maere, pa misakanizo 60 yokha, kumayesa liwiro la kuphunzira pa milingo 60 yosiyana, chilango pa milingo 60 yosiyana, ndipo palibe ulendo umene umabwereza unzake.

Mfundoyi si yatsopano. James Bergstra ndi Yoshua Bengio a ku yunivesite ya Montreal anaifalitsa mu 2012 mu Journal of Machine Learning Research. Chithunzi chawo chotchuka chili ndi madontho 9 okha. Ukawaika mu giridi ya atatu atatu, haipaparamita yofunikayo imayesedwa pa malo atatu. Ukawamwaza mwa maere, imayesedwa pa malo 9. Iwo anabwereza ntchito imene Hugo Larochelle ndi anzake anachita mu 2007 pa maukonde a manyuroni, ndipo anapeza kuti pa deta zambiri maulendo 8 a maere ankafanana kapena kuposa giridi ya maulendo pafupifupi 100. Koma chimene chimandigwira mtima mu ntchito yawo ndi china: haipaparamita yofunika pa deta iyi sinali yofunika pa deta ina. Izi zimaswa yankho lodziwika la okonda giridi, loti munthu angoika milingo yambiri pa zofunika ndi yochepa pa zosafunika. Zofunikazo muzidziwa bwanji musanayese? Mukanazidziwa kale, simukanasaka.

Tibwerere kwa wophunzira wathu ndi nambala zenizeni. Giridi yake ya liwiro la kuphunzira ndi 0.01, 0.1 ndi 0.3, nambala zimene aliyense amakopera kwa mnzake. Tinene kuti pa deta yake, ndi chiwerengero cha mitengo chimene waika, modelo imachita bwino liwirolo likakhala pakati pa 0.03 ndi 0.06. Giridi idumpha dera limeneli, ndipo idzalidumpha ngakhale atailola maola 40. Adzalandira tebulo lokongola lonena kuti 0.1 ndiye wapambana, osadziwa kuti wapambana pakati pa olephera. Maere otoledwa pakati pa 0.001 ndi 0.3 pa sikelo ya logarithimu amagwera m'dera lija pafupifupi maulendo 12 pa 100 alionse. Pa maulendo 60, ayembekezere kugweramo kasanu ndi kawiri, ndipo mwayi woliphonya konse sufika ngakhale umodzi pa 1,000.

Inde, liwiro lokha silokwanira. Tinene kuti kuya kwa mitengo nakonso kuyenera kukhala 4, 5 kapena 6, pa milingo 8 yoyambira 3 mpaka 10. Mwayi woti zonse ziwiri zigwere bwino pa ulendo umodzi utsika kufika pafupifupi 4.5 pa 100. Apa ndi pamene pamachokera nambala 60 imene anthu a ntchitoyi amaikonda. Ngati dera labwino litenga gawo `p` la malo onse osakamo, mwayi woligunda kamodzi kapena kuposa pa maulendo `n` ndi `1 - (1 - p)^n`. Dera la 5 pa 100 ndi maulendo 60 zimapereka mwayi woposa pang'ono 95 pa 100. Kwa wophunzira wathu, ndi dera lake lochepako, mwayi uli pafupifupi 94 pa 100. Taonani kuti m'masamuwa mulibe chiwerengero cha mahaipaparamita. Awonjezere zosafunika zitatu, mwayi wake sukhudzidwa, pamene giridi yake ikanachulukitsidwa ka 27.

Nambala 60 imeneyi anthu aisandutsa chithumwa, ndipo ndiyenera kuidzudzula pang'ono ngakhale ili mbali yanga. Sinena kuti mudzapeza modelo imene yatsala pang'ono kufika pa yabwino koposa. Imanena kuti mudzagwera m'gawo labwino kwambiri la 5 pa 100 la malo amene inu eni mwawaikira malire. Mukaika malire otakata mopusa, gawo limenelo likhoza kukhala la mamodelo wamba. Ndipo ngati dera labwino ndi lopapatiza, la 1 pa 100, mufunika maulendo pafupifupi 300 kuti mufike pa mwayi womwewo. Ntchito ya ubongo siitha chifukwa mwachita maere, imangosamukira poika malire.

Pali chinthu china chimene kwathu kuno chimalemera kuposa mmene mabuku amachitchulira: ntchito ikhoza kuduka pakati. Magetsi amazima, batire imatha, ndipo amene amabwereka makompyuta aulere a pa intaneti amadziwa kuti nthawi ikakwana amawatseka popanda kupempha. Giridi yodukira panjira ndi yopanda ntchito, ndipo chifukwa chake nchoseketsa. Mu scikit-learn, misakanizo ya giridi imandandalikidwa potsata afabeti ya maina a mahaipaparamita, ndipo dzina loyamba ndilo limasintha mochedwa kuposa onse. Pa maina asanu aja, loyamba ndi `learning_rate`. Choncho misakanizo 81 yoyamba yonse ili pa 0.01. Wophunzira amene wayamba giridi ya 243 nkuimitsa pa maola 10 wayesa misakanizo 60, yonse pa liwiro limodzi. Maere alibe vutoli. Ulendo uliwonse ndi woima pawokha, ndiye ukaima pa 23 uli ndi kusaka kwa maulendo 23 kokwanira bwino, ndipo mawa ukhoza kuwonjezera ena popanda kutaya a dzulo.

Koma phindu limeneli silibwera lokha. `RandomizedSearchCV`, monganso mnzake wa giridi, amasunga zotsatira mu memore mpaka atamaliza, ndiye kompyuta ikazima zonse zapita. Amene ali pa magetsi osadalirika alembe yekha kachizungulire kakang'ono kolemba zotsatira mu fayilo ulendo uliwonse ukatha:

```python
from scipy.stats import loguniform, randint, uniform
from sklearn.model_selection import ParameterSampler, cross_val_score
from xgboost import XGBRegressor

f = open("zotsatira.txt", "a")
malire = {
    "learning_rate": loguniform(0.001, 0.3),
    "max_depth": randint(3, 11),
    "min_child_weight": loguniform(1, 50),
    "reg_lambda": loguniform(0.01, 100),
    "subsample": uniform(0.5, 0.5),
}
for p in ParameterSampler(malire, n_iter=60, random_state=7):
    s = cross_val_score(XGBRegressor(n_estimators=500, **p), X, y, cv=5)
    print(p, s.mean(), s.std(), file=f, flush=True)
```

M'mizere yochepayi muli misampha imene yachititsa anthu ambiri kunena kuti anayesa maere koma sanaone kusiyana. Waukulu ndi sikelo. Liwiro la kuphunzira limagwira ntchito mochulukitsa: kuchoka pa 0.001 kufika pa 0.01 ndi ulendo waukulu mofanana ndi kuchoka pa 0.01 kufika pa 0.1. Mukatola maere pa sikelo wamba pakati pa 0.001 ndi 0.3, maulendo 3 okha pa 100 ndiwo agwera pansi pa 0.01, kutanthauza awiri pa 60 anu. Pa `loguniform` agweramo pafupifupi 40 pa 100. Munthu wosaka pa sikelo yolakwika amaganiza kuti wafufuza malo onse pamene wangozungulira kumtunda kokha.

Msampha wina ndi kupatsa kusaka kwa maere mindandanda yomwe ija ya giridi, milingo itatu itatu. Pamenepo kompyuta ingotola misakanizo 60 mwa 243 ija, ndipo liwiro la kuphunzira likhalabe pa nambala zitatu. Phindu lalikulu mwalitaya. Palinso timisampha ta zida zomwezi: `uniform(0.5, 0.5)` amatanthauza kuyambira 0.5 kuwonjezerapo 0.5, kufika pa 1.0. Mukalemba `uniform(0.5, 1.0)` poganiza kuti ndi malire awiri, mutola nambala mpaka 1.5, ndipo XGBoost akana pafupifupi theka la maulendo anu. Ndipo musaiwale kuti `RandomizedSearchCV` mukapanda kumuuza amayesa maulendo 10 okha. Ambiri amene amati maere ndi ofooka anayerekeza maulendo 10 amenewa ndi giridi ya mazana.

Tsopano tiwamve otsutsa, chifukwa ali ndi mfundo zina zolimba ndi zina zopanda pake. Yopanda pake ndi yoti maere sabwerezeka, choncho si sayansi. Ikani `random_state`, lembani malire ndi chiwerengero cha maulendo mu lipoti, ndipo aliyense adzapeza misakanizo yomweyo. Ina ndi yoti kuona maso a nkhono nkudekha, giridi ikapatsidwa nthawi imafufuza zonse. Zonse ziti? Imafufuza madontho amene inu munalemba, ndipo pakati pa 0.01 ndi 0.1 pali nambala zosawerengeka zimene sidzazikhudza.

Mfundo yolimba ndi yoti pali malo amene giridi ndi yoyenera, ndipo ndikuvomera. Chih-Wei Hsu, Chih-Chung Chang ndi Chih-Jen Lin a ku National Taiwan University, mu kalozera wawo wa ogwiritsa ntchito LIBSVM, analangiza giridi ya mahaipaparamita awiri, `C` ndi `gamma`, pa sikelo ya mapawa a 2: `C` kuyambira 2^-5 mpaka 2^15, `gamma` kuyambira 2^-15 mpaka 2^3, pawa ikukwera ndi 2 ulendo uliwonse, misakanizo 110, kenako giridi yaing'ono pamalo pamene paoneka bwino. Langizoli linali lanzeru chifukwa mahaipaparamita anali awiri, onse ofunika, ndipo amakokana. Zotsatira zake ungazijambule ngati mapu nkuona phiri ndi maso ako. Chimodzimodzi ngati zosankha zanu ndi zowerengeka, monga mitundu itatu ya kenelo ndi njira ziwiri zoyeretsera deta, ingoyesani zonse zisanu ndi chimodzi. Cholakwika nchoti langizo la mahaipaparamita awiri talitenga nkuliveka mamodelo a asanu, a khumi.

Otsutsa ena amachokera mbali ina, amati maere nawonso ndi achikale, bwanji osagwiritsa ntchito njira zimene zimaphunzira pa maulendo apitawo, monga za mu Optuna? Sindikangana nawo. Bergstra ndi Bengio omwe sanati maere ndi mathero a nkhani. Pa mamodelo ovuta a mahaipaparamita 32, maere anafanana ndi kusaka kwa akatswiri kophatikiza manja ndi giridi pa deta zinayi mwa zisanu ndi ziwiri, ndipo anapambana pa imodzi. Iwo anati maere akhale muyezo woti njira zanzeru ziziyesedwa nawo. Komatu njira zanzeruzo nazo zimayamba ndi maulendo angapo a maere zisanakhale ndi chophunzirapo, ndipo pa bajeti ya maulendo makumi ochepa, zotsatira zili ndi phokoso, kupambana kwake sikukhala kwakukulu nthawi zonse. Mkangano wa maere ndi Optuna ndi wa anthu amene giridi anaisiya kale.

Chimene ndingamulangize wophunzira wathu ndi kugawa usiku wake pawiri. Maulendo 40 oyamba ayende pa malire otakata. Kenako atsegule fayilo, ajambule zotsatira moyang'anizana ndi haipaparamita iliyonse payokha. Imene ili yofunika ioneka msanga, madontho ake apanga phiri kapena chitsetse. Yosafunika madontho ake angomwazikana. Ngati maulendo abwino onse adzazana m'mphepete, mwachitsanzo liwiro lonse labwino lili pafupi ndi 0.3, malire anali opapatiza ndipo ayenera kusunthidwa. Pa XGBoost chizindikiro chimenechi nthawi zambiri chimanenanso kuti mitengo 500 yachepa kwa maliwiro aang'ono, chifukwa ziwirizi zimayendera limodzi. Akatero, maulendo 20 otsala awatsanulire m'dera laling'ono limene laoneka bwino. Chithunzi chotere giridi ya milingo itatu sichingakupatseni, chifukwa madontho ake onse aunjikana pa mizere itatu.

Chenjezo lomaliza likhudza njira zonse ziwiri. Wopambana pa maulendo 60 wapambana mbali ina chifukwa cha mwayi wa mmene deta inagawidwira. Nchifukwa chake mu kachizungulire kaja ndalembetsa `s.std()`. Ngati woyamba wapeza 0.712, wachisanu 0.708, pamene magawo asanu aja amasiyana okhaokha ndi 0.02, asanuwo ndi ofanana, ndipo nzeru ndi kutenga amene ali ndi mitengo yosazama, yothamanga msanga. Nambala ya 0.712 isalowe mu lipoti ngati mphamvu ya modelo. Yolowa mu lipoti ichokere pa gawo la deta limene linaikidwa padera kusaka kusanayambe, ndipo liyesedwe kamodzi kokha.

Kwa aphunzitsi ndi oyang'anira kafukufuku m'mayunivesite athu, pempho langa ndi lachindunji. Wophunzira akabwera ndi tebulo la giridi, musamufunse kuti anayesa misakanizo ingati. Mufunseni kuti haipaparamita yofunika kwambiri anaiyesa pa milingo ingati yosiyana, pa sikelo yanji, ndipo wopambanayo anali pakati kapena m'mphepete mwa malire. Akayankha kuti itatu, muuzeni abwerere ku laputopu yake usiku umodzi.